Katundu mmodzi, mitengo iwiri: mafunso ndi mayankho pa wogulitsa wopanda mpikisano

Mukayendera nyumba ndi sitolo zoyandikana pa Domwe kapena ku Ulongwe, nkufunsa ndalama imene aliyense amalipira pa magetsi, mupeza kuti mitengo ndi yosiyana. Waya ndi mmodzi, kampani ndi imodzi, magetsi ndi omwewo. Zoterezi anthu ena amazitcha chinyengo, ena amazitcha chifundo kwa osauka. Akatswiri a zachuma anazifufuza kalekale, ndipo zimene anapeza zingathandize mlimi, wabizinesi ndi wophunzira kudziwa nthawi imene mitengo iwiri imapweteka anthu ndi nthawi imene imawatsegulira khomo.

Kodi kusiyanitsa mitengo kwa mtundu wachitatu nchiyani?

Ndi pamene wogulitsa amene ali yekha pamsika agawa ogula ake m'magulu odziwika, nkuika mtengo wake wake pa gulu lililonse, pamene katunduyo ndi yemweyo ndipo ndalama zomupangira sizikusiyana. Mkati mwa gulu aliyense amalipira mofanana. Kusiyana kuli pakati pa gulu ndi gulu. Amene anasanja mitundu itatuyi ndi katswiri wa ku Mangalande, Arthur Cecil Pigou, m'buku lake la 1920. Mu mtundu woyamba wogulitsa amatenga kwa munthu aliyense ndalama yonse imene munthuyo angathe kupereka. Mu mtundu wachiwiri amayala mitengo malinga ndi kuchuluka kapena maphukusi, ogula nkudzisankhira okha, monga zimakhalira ndi mabandulo a foni. Mu wachitatu wogula sasankha. Wogulitsa ndiye amamuyang'ana nkunena kuti, inu ndinu a gulu ili. Joan Robinson, m'buku lake la 1933, anafotokoza mwatsatanetsatane masamu a mtundu wachitatuwu, ndipo ndiwo amene tigwiritse ntchito pano.

Kodi kuno kwathu zoterezi timaziona kuti?

Chitsanzo choonekera kwambiri ndi magetsi. Electricidade de Moçambique, imene tonse timaitcha EDM, ndiyo yokha imene imagawa magetsi a dziko m'nyumba za anthu. Pa magetsi a mphamvu yochepa ili ndi magulu anayi a mitengo: Social, Doméstica, Agrícola ndi Geral. Banja losauka logwiritsa ntchito magetsi ochepa limalembetsedwa mu Social ndipo limalipira zochepa kwambiri. Nyumba wamba ili mu Doméstica. Wabizinesi wa sitolo kapena malo omwera ali mu Geral, ndipo pa yuniti iliyonse amalipira zoposa wa nyumba. Mukagula Credelec, makina amadziwa kale gulu lanu chifukwa nambala ya mita yanu inalembetsedwa m'gululo.

Chitsanzo china chili kutsidya kwa malire. Malo osungirako nyama monga Liwonde ali ndi mtengo wolowera wa nzika za Malawi ndi mtengo wina wokwera wa alendo ochokera kunja. Njovu ndi zomwezo, msewu ndi womwewo. Chiphaso cha m'thumba ndicho chimauza wapachipata mtengo woti atchule.

Ndiye mtengo ukasiyana pakati pa Tete ndi Domwe, kumeneko nkusiyanitsanso?

Kawirikawiri ayi, ndipo apa anthu ambiri amasokoneza. Thumba la simenti kapena la feteleza likakwera mtengo pa Domwe kuposa mumzinda wa Tete, mbali yaikulu ya kusiyanako ndi dizilo, matayala, olongeza katundu ndi msewu wa m'dzinja. Kumeneko ndi kusiyana kwa ndalama zofikitsira katundu. Funso loyenera kufunsa ndi ili: tikachotsa zonse zimene wogulitsa wawononga pofikitsa katundu kwa gulu lililonse, kodi phindu pa thumba limodzi likusiyanabe? Ngati likusiyana, pamenepo ndiye pali kusiyanitsa. Mwa ichi, zimathekanso kuti mtengo ukhale umodzi koma kusiyanitsa kulipo: wogulitsa amene amalipiritsa mofanana wogula wapafupi ndi wakutali, mayendedwe ali ake, akutenga phindu lalikulu kwa wapafupiyo.

Palinso nkhani ya fodya. Kampani ikakhala yokha yogula fodya m'dera, monga zimakhalira pa ulimi wa mgwirizano m'chigawo cha Tete, mphamvu ili m'manja mwa wogula mmodzi. Koma nkhani yathu ndi ya wogulitsa mmodzi. Ndipo mitengo yosiyana ya magiredi a fodya imatsata ubwino wa tsamba, choncho katunduyo si mmodzi.

Pamafunika chiyani kuti wogulitsa athe kuika mitengo iwiri?

Pamafunika zinthu zitatu, ndipo chimodzi chikasowa zonse zimagwa. Choyamba, akhale ndi mphamvu pamsika. Mayi wogulitsa tomato pakati pa anzake ambiri sangakweze mtengo kwa gulu lina, chifukwa wogulayo angosuntha phazi limodzi nkugula kwa woyandikana naye. Chachiwiri, athe kuzindikira magulu mosavuta, pogwiritsa ntchito mita, chiphaso, yunifolomu ya sukulu kapena mbewu imene ili m'munda. Chachitatu, amene wagula motsika mtengo asathe kugulitsanso kwa wa gulu lokwera mtengo.

Chachitatuchi ndicho chimavuta. Mbewu, shuga ndi feteleza zimayenda pa njinga usiku umodzi, ndipo m'dera la m'malire ngati lathu, kumene anthu amagula pa Calómuè, pa Dedza ndi pa Lizulu, kusiyana kulikonse kwa mtengo kumapeza munthu wokutsekera. Nchifukwa chake kusiyanitsa kumakhazikika kwambiri pa ntchito zimene sizinyamulika: magetsi, madzi a m'mipope, ulendo, kulowa pachipata, kulima munda.

Tipatseni chitsanzo cha manambala. Wogulitsa amapeza bwanji mitengo iwiriyo?

Tiyerekeze kuti m'dera lina muli thirakitala imodzi yokha yolimitsa. Manambala awa ndi ongopeka kuti masamu aoneke bwino. Hekitala iliyonse imadyera mwini thirakitala mametikali 2,000 pa dizilo, dalaivala ndi kutha kwa zitsulo. Ofuna kulimiridwa ali m'magulu awiri.

Gulu loyamba ndi alimi a mbatata ya kachewere yogulitsa. Iwowa amafuna nthaka yofewa, yolimidwa mwakuya ndiponso pa nthawi yake. Mtengo ukafika 8,000 palibe amene amaitana thirakitala, koma ukatsika ndi 50 pamabwera hekitala imodzi, ukatsikanso ndi 50 pamabwera ina, choncho choncho. Gulu lachiwiri ndi alimi a chimanga chodya pakhomo. Iwowa ali ndi makasu, ganyu ndi ng'ombe. Pa 5,000 onse amachoka, koma kutsika kwa 25 kokha kumabweretsa hekitala imodzi. Mwachidule, P akaimira mtengo ndipo Q akaimira mahekitala:

```
Ambatata:   P = 8000 - 50Q
Achimanga:  P = 5000 - 25Q
```

Mwini thirakitala amadzifunsa funso limodzi pa gulu lililonse: ndikawonjezera hekitala imodzi, m'thumba mulowa zingati zenizeni? Yankho silifanana ndi mtengo, chifukwa kuti apeze hekitala yowonjezerayo ayenera kutsitsira mtengo onse a m'gululo. Taonani kwa ambatata. Ali pa mahekitala 59 mtengo ndi 5,050. Kuti afike pa 60 atsitsa kufika 5,000. Hekitala yatsopano ibweretsa 5,000, koma mahekitala 59 akale aja ataya 50 iliyonse, zonse pamodzi 2,950. Chotsala ndi 2,050, chimene chikuposa 2,000 imene wawononga, choncho alime. Akafuna ya 61 atsitsa kufika 4,950, ataya 3,000 pa mahekitala 60, chotsala 1,950. Apa wayamba kuluza. Aima pa mahekitala 60, mtengo 5,000.

Masamu omwewa kwa achimanga amamuimitsa pa mahekitala 60, mtengo 3,500. Mzere wa kufuna kwa ogula ukakhala wowongoka ngati uwu, pali njira yachidule: mtengo wabwino kwa wogulitsa uli pakatikati pa mtengo umene ogula onse amathawira ndi ndalama imene hekitala imodzi imamudyera. Pakati pa 8,000 ndi 2,000 pali 5,000; pakati pa 5,000 ndi 2,000 pali 3,500. Phindu lake ndi 180,000 kwa ambatata ndi 90,000 kwa achimanga, pamodzi 270,000.

Bwanji osangolimira ambatata okha, poti ndiwo amalipira zambiri?

Chifukwa mtengo ndi ndalama yowonjezera ndi zinthu ziwiri. Taona kuti hekitala ya 61 ya mbatata ingamubweretsere 1,950 yokha ngakhale mtengo wake uli pafupi ndi 5,000. Koma hekitala yoyamba ya chimanga imabweretsa pafupifupi 5,000 yathunthu, poti palibe achimanga akale oti awatsitsire. Lamulo lake ndi lakuti wogulitsa amasuntha ntchito kuchoka ku gulu lina kupita ku lina mpaka hekitala yomaliza ya uku ibweretse zofanana ndi yomaliza ya uko, ndipo zonse ziwiri zifanane ndi zimene wawononga. Olemba mabuku amalemba motere: MR1 = MR2 = MC.

Lamuloli limagwirabe ntchito nthawi ikachepa. Tinene kuti mvula yayandikira ndipo thirakitala ingathe mahekitala 90 okha. Mwiniyo sapereka onse 90 kwa gulu limodzi. Alimira ambatata 50 pa mtengo wa 5,500 ndi achimanga 40 pa 4,000, chifukwa pamenepo hekitala yomaliza ya gulu lililonse imabweretsa pafupifupi 3,000.

Kodi si zoona kuti olemera ndiwo amalipira zambiri nthawi zonse?

Si zoona. Wogulitsa wofuna phindu samayang'ana kulemera kwa munthu; amayang'ana kuti munthuyo athawa msanga bwanji mtengo ukakwera. M'chitsanzo chathu, mtengo ukakwera ndi gawo limodzi pa 100 alionse, ambatata amachepetsa mahekitala ndi magawo pafupifupi 1.7, pamene achimanga amachepetsa ndi magawo 2.3. Amene amathawa msanga ndiye amapatsidwa mtengo wotsika, kuti asathawe. Amene alibe kolowera amapatsidwa wokwera.

Nthawi zambiri wolemera ndiye sathawa, nchifukwa chake anthu amaganiza kuti nkhani ndi chuma. Koma zimatha kutembenuka. Munthu amene ali ndi galimoto akhoza kukagula ku Ulongwe kapena ku Dedza, pamene gogo wa kuseri kwa phiri alibe koti apite. Wogulitsa amene ali yekha kumudziko angakweze mtengo kwa gogoyo nkutsitsira wagalimoto. Choncho mukaona mtengo wotsika wa gulu lina, musafulumire kuutcha chifundo. Ukhoza kukhala chifundo, koma ukhozanso kukhala masamu a phindu basi.

Nanga akanakakamizidwa kuika mtengo umodzi, zikanakhala bwanji?

Tibwerere ku thirakitala. Akaphatikiza magulu awiriwo, mtengo umodzi womupindulira kwambiri ndi 4,000. Pa mtengowo ambatata amalimitsa mahekitala 80, achimanga 40, onse pamodzi 120, ndipo phindu lake ndi 240,000. Choyamba kuona ndi chakuti mtengo umodziwo sugwera pa 3,500. Anthu ambiri amaganiza kuti kuletsa mitengo iwiri kutsitsira aliyense pa mtengo wotsikawo, koma umagwera pakati: ambatata apumula, achimanga akwezeredwa.

Chachiwiri ndi chakuti mahekitala onse ndi 120, chimodzimodzi ndi pa mitengo iwiri paja, pamene anali 60 ndi 60. Izi sizinangochitika mwangozi. Mizere ya magulu onse ikakhala yowongoka, ndipo magulu onse akugula ngakhale pa mtengo umodzi, kusiyanitsa sikusintha kuchuluka kwa ntchito yonse. Kumangosuntha mahekitala 20 kuchoka kwa ambatata kupita kwa achimanga.

Ndiye ndani amapindula, ndani amaluza?

Tiwerenge phindu la mlimi ngati kusiyana pakati pa ndalama imene akanalola kupereka ndi imene waperekadi. Pa mtengo umodzi, ambatata onse pamodzi amatsala ndi 160,000 ya phindu lotere, achimanga 20,000. Pa mitengo iwiri, ambatata amatsika kufika 90,000, achimanga amakwera kufika 45,000. Choncho ambatata aluza 70,000, achimanga apeza 25,000, mwini thirakitala wapeza 30,000. Mukaphatikiza zopeza ndi 55,000, zoluza ndi 70,000. Pali 15,000 imene yangosowa, sinapite kwa wina aliyense.

Yasowera kuti? Mahekitala 20 aja achoka kwa alimi amene amawaona kuti ndi a mtengo wa pakati pa 4,000 ndi 5,000, apita kwa alimi amene amawaona kuti ndi a pakati pa 3,500 ndi 4,000. Dizilo ndi yemweyo, koma wathiridwa pamene akubala zochepa. Apa pali muyeso wofunika kuukumbukira: ngati kusiyanitsa mitengo sikuwonjezera kuchuluka kwa katundu wogulitsidwa, chuma chonse pamodzi chimachepa. Komabe masamuwa amawerenga metikali ya wosauka ndi ya wolemera mofanana. Mudzi ukhoza kunena kuti 25,000 yopita kwa mabanja olima chakudya ndi yolemera kuposa momwe ikuonekera papepala. Kumeneko nkusankha kwa anthu, ndipo ndi bwino kusankha akudziwa mtengo wake.

Kodi pali nthawi imene mitengo iwiri imathandiza popanda wopwetekeka?

Ilipo, ndipo ndiyo mbali yofunika kwambiri kwa ife. Tisinthe nambala imodzi: achimanga ndi osauka kwambiri, moti onse amathawa pa 3,000. Tsopano mwini thirakitala akakakamizidwa kuika mtengo umodzi, awerenga motere. Akatsitsa kufika 3,000, ambatata alimitsa mahekitala 100 ndipo phindu ndi 100,000 yokha. Kutsika kuposa apo kuti akope achimanga kumachepetsanso phindulo. Akakhala pa 5,000 apeza 180,000 kwa ambatata okha. Asankha 5,000, ndipo palibe munda wa chimanga umene uone thirakitala. Koma akaloledwa mitengo iwiri, ambatata akhalabe pa 5,000 pomwe analipo, achimanga alipira 2,500 ndipo mahekitala 20 alimidwa. Palibe waluza, ndipo awiri apindula.

Zimenezi zimachitikadi pa mankhwala. Katemera woteteza ana ku chibayo amagulidwa pa madola pafupifupi 3 mlingo umodzi kudzera m'bungwe la Gavi, limene linayamba mu 2000 ndipo limathandiza maiko monga Mozambiki ndi Malawi, pamene ku Amereka mlingo umodzi umaposa madola 100. Kampani yopanga ikanauzidwa kuti isankhe mtengo umodzi wa dziko lonse lapansi, sikanasankha madola 3.

Chimagwetsa dongosolo la mitengo iwiri nchiyani, ndipo tingazindikire bwanji?

Chachikulu ndi kudontha kwa mpanda wa pakati pa magulu. Mu 2002 zinadziwika kuti mankhwala ena otalikitsa moyo a kampani ya GlaxoSmithKline, amene anagulitsidwa motsika mtengo kuti apite ku Afirika, anabwezedwa mozemba nkukagulitsidwa ku Ulaya. Kwathu kuno kudonthako kumaoneka mwa njira zing'onozing'ono: golosale yoyendetsedwa ndi mita yolembetsedwa ngati ya nyumba, waya wokokedwa kupita kwa woyandikana naye, kapena mlimi wouza mwini thirakitala kuti adzala chimanga kenako nkudzala mbatata. Chizindikiro chake nchosavuta. Gulu lotsika mtengo limayamba kugula zochuluka kuposa zimene lingagwiritse ntchito, pamene gulu lokwera mtengo likuchepa popanda chifukwa chooneka.

Chachiwiri ndi kubwera kwa wopikisana naye. Thirakitala yachiwiri ikafika, imathamangira kwa ambatata kumene phindu pa hekitala ndi 3,000, ndipo mtengo wa 5,000 sukhalitsa. Pa magetsi, solala wayamba kuchita zomwezo: wabizinesi amene angathe kugula mapanelo salinso wopanda kolowera. Chachitatu ndi mkwiyo wa ogula. M'mudzi anthu amauzana mitengo pamaliro ndi pachigayo, ndipo gulu likaona kuti kusiyanako kulibe chifukwa chomveka, limalolera kubwerera ku ng'ombe ngakhale zikhale zochedwa.

Kodi mitengo ya EDM imatsata masamu a phinduwa?

Osati ndendende. EDM ndi kampani ya boma, ndipo mitengo yake siiika yokha mmene yafunira. Imadutsa m'manja mwa boma ndi bungwe loyang'anira mphamvu la ARENE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017. Mtengo wa Social unaikidwa dala kuti mabanja osauka afikire magetsi, ndipo chimene chaperewera pamenepo chimayenera kuchokera kwina. Wogulitsa wongofuna phindu sangagulitse pansi pa zimene wawononga, monga taonera kuti mwini thirakitala sanatsikepo pansi pa 2,000. Komabe mafupa a dongosololi ndi omwe aja: wogulitsa mmodzi, magulu odziwika ndi mita, ndi mpanda woletsa kugulitsanso. Nchifukwa chake mavuto ake ndi omwewonso, makamaka a anthu olowa m'gulu limene si lawo.

Nanga malamulo amaloleza?

Kusiyanitsa mitengo pakokha si mlandu, apo ayi mtengo wa ana a sukulu ndi wa nzika pachipata ukanaletsedwa. Lamulo la mpikisano la Mozambiki, nambala 10 la 2013, limaletsa kampani yamphamvu pamsika kugwiritsa ntchito mphamvuyo molakwika, kuphatikizapo kupereka mfundo zosiyana kwa ogula ofanana m'njira yopweteka mpikisano. Loona zimenezi ndi bungwe la Autoridade Reguladora da Concorrência. Ku Malawi ntchito yofananayi ili m'manja mwa Competition and Fair Trading Commission. Chimene mabungwewa amachiopa kwambiri ndi kampani yotsitsa mtengo m'dera limodzi lokha kuti iphe wopikisana naye wamng'ono, kapena yogulitsa motsika kwa sitolo imodzi kuti zinzake zife.

Ine ngati wogula, kapena membala wa bungwe la alimi limene lili ndi thirakitala kapena chigayo, ndiyang'ane chiyani?

Funsani mafunso atatu motsatana. Kodi kusiyana kwa mtengoku kukuchokera pa ndalama zofikitsira ntchitoyo, monga kutalika kwa munda kapena kuuma kwa nthaka? Ngati ndi choncho, palibe mlandu. Ngati ayi, kodi mtengo wotsikawo wabweretsa anthu amene kale samagula nkomwe, ndipo ntchito yonse yachuluka? Ngati yachuluka, mitengo iwiriyo ili ndi poimira. Ngati mahekitala ndi omwe aja, kungoti ena akwezeredwa, ndiye kuti ndalama zangosamuka ndipo zina zatayika panjira. Pomaliza, kodi gulu lokwezeredwalo ndi la anthu okhoza, kapena ndi la anthu amene angosowa kolowera?

Bungwe lofuna kuika mitengo iwiri lilembe m'kaundula mahekitala kapena matumba a gulu lililonse pa nyengo yathunthu lisanasinthe mtengo, nkulembanso nyengo yotsatira. Lilengeze poyera pamsonkhano kuti ndani ali m'gulu liti ndiponso chifukwa chake, ndipo mtengo wotsikawo usatsike pansi pa zimene ntchitoyo imadya, pokhapokha mamembala atagwirizana kumene chopereweracho chidzachokere.